Mudzi Umene Unkawerenga Zaka Pamphuno

Ndikulumbira pali Mulungu, pali manda a agogo anga akuchimuna ndi akuchikazi omwe, kuti zimene ndalemba apa ndi zoona zokhazokha. Ngati muli bodza ngakhale la msinkhu wa nsabwe, mphenzi indipeze m'chilimwe kumwamba kuli mbee. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye bodza ndikanaliphunzira kuti?

M'dziko lina, m'boma lina, kuseri kwa phiri limene dzina lake lilibe ntchito pankhaniyi, kunali mudzi wa anthu aulemu kwambiri. Ulemu wawowo unali ndi vuto limodzi: sankadziwa woyenera kumupatsa. Pamudzi ponse panalibe wodziwa chaka chimene anabadwa. Wina ankati anabadwa chaka cha dzombe, wina chaka cha njala, wina chaka chimene mlatho unakokoloka. Koma dzombe linabwera kangapo, njala inali ngati mkamwini wapamudzi, ndipo mlathowo unkakokoloka dzinja lililonse. Choncho pamaliro, paukwati ndi pamsonkhano, anthu ankayamba akangana kaye za woyenera mpando wotsamira, woyamba kusamba m'manja ndi wodya nthutumba ya nkhuku. Pomatha mkangano, nkhukuyo inkakhala itazizira.

Amene vutoli linamupweteka koposa anali Yotamu, mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula. Yotamu anali bambo ndithu, wanyumba yake yamalata, koma Mulungu anamupatsa nkhope yobulungira ngati dzungu ndi chibwano chosalala ngati dzira. Iyeyu ankafuna kukwatira Esinati, mtsikana wophika mandasi wa pakamwa pakuthwa, ndipo Esinati ankamufunanso. Chotsala chinali chilolezo cha a Pindani, amalume a mtsikanayo. Nkhoswe ya Yotamu itapita kukagogoda, a Pindani anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana ameneyu akufuna mkazi kapena womusambitsa? Kamuuzeni ayambe wakula."

Mmene zinthu zinali choncho, tsiku lina lamsika kunatulukira a Layisoni atasenza thabwa lodzaza magalasi: akuda, oyera, obiriwira, ena onyezimira ngati kalirole. A Layisoni anagwirapo ntchito yosesa m'sitolo yopima maso m'tauni, ndipo ankasesa makutu ali tcheru. Pachifukwa chimenechi ankadzitcha Dokotala wa Maonekedwe. Anatsamiritsa thabwa lija pamtengo, n'kuyamba kulalikira.

"Amayi ndi abambo, magalasi si galasi ayi. Galasi ndi la maso. Felemu ndiye ya anthu okuonani. Ndipo felemu iliyonse ili ndi nthawi yake."

Ananyamula ena obulungira ngati mazira a nkhunda, a waya wopyapyala.

"Awa ndi a m'ma 1920 ndi m'ma 1930. Ankavala ndi alaliki oyamba ndi akalaliki a msonkho. Ukavala awa, anthu amaganiza kuti wawerenga buku lonse mpaka pachikuto."

Mayi wina anathamangira kunyumba n'kubwera ndi chithunzi cha agogo a amuna ake, mlaliki wakalekale, chimene njenjete zinadya m'mbali. Magalasi ake anali omwewo. Anthu anayandikira.

"Awa ndi a nsidze," a Layisoni anapitiriza. "Pamwamba mpokhuthala ngati nsidze za munthu wokwiya, pansi mpawaya woonda. Ndi a m'ma 1950, nthawi ya chitaganya. Aphunzitsi aakulu ankavala amenewa kuti asamavutike ndi kukwinya nkhope. Felemu inkawakwinyira. Tsono awa a amayi, amene ngodya zake zakwera m'mwamba chakunja, amatchedwa diso la mphaka. Nawonso ndi a m'ma 1950 mpaka m'ma 1960. Amakoka nkhope m'mwamba. Mayi akavala, amaoneka ngati wamva kale zimene ukufuna kunena ndipo sizinamusangalatse."

Anaonetsa akuluakulu a ngodya zinayi, ofika m'masaya, akuda pamwamba n'kumka nayera chakumunsi. Anati ndi a m'ma 1970, anzake a mabelubotomu, nsapato za pulatifomu ndi tsitsi la afulo, ndipo wovala amaoneka ngati akuchokera kudansi ngakhale akuchokera kudimba. Anaonetsa ting'onoting'ono tonga njere za maungu, tophimba diso lokha, ta m'ma 1990 pamene matipate ankabwera ndipo aliyense ankadzimva wochenjera. Anaonetsanso okuta nkhope kuchokera khutu ili kufika khutu ilo, a galasi lopindika, amene anatchuka m'ma 2000. Anati amenewa amatchinga mphepo ndi fumbi m'mbali, n'chifukwa chake anyamata akabaza sasiyana nawo.

Pa chilichonse chimene ankanyamula, pankapezeka wina wothamangira kukachotsa chithunzi pakhoma. Atsibweni amene anapita ku Joni, azakhali amene anakwatiwa ku Halale, achimwene amene anali kondakitala: onse anapezeka atavala felemu ya nthawi yawo, osaphonya.

Pagulupo panali a Zuze Nkhunga, bambo wamasiye wa mutu wa mbuu, Wapampando wa Komiti ya Chitukuko, wa Komiti ya Mjigo, wa Komiti ya Maliro ndiponso wa Komiti Yoyang'anira Makomiti. A Zuze anayang'ana thabwa lija nthawi yaitali, kenaka anakweza dzanja ngati munthu amene walandira vumbulutso.

"Abale anga, vuto lathu latha lero. Imvi zimanama, poti ena amapaka kanjiza. Makwinya amanama, poti ena amabwera ndi mavuto a m'banja. Koma taonani zithunzizi. Felemu sinama. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Inenso ndikuti zaka zako ndi zimene zili pamphuno."

Madzulo a tsiku lomwelo kunabadwa Komiti Yoona za Zaka, Ulemu ndi Mafelemu, ndipo mwamwayi wosayembekezeka wapampando wake anakhala a Zuze. Lamulo linali lachidule: munthu anabadwa nthawi ya felemu imene wavala. Wopanda magalasi ndiye kuti sanabadwe, ndipo pamsonkhano asalankhule.

Thabwa la a Layisoni linayera ngati munda wodyedwa ndi dzombe.

Poyamba anthu ankaganiza kuti aliyense agula felemu yogwirizana ndi msinkhu wake. Amene ankaganiza choncho anali alendo. Anyamata amene anatopa ndi kutumidwa anagula a nsidze n'kuyamba kukhala pamipando yotsamira, akudandaula za ana amasiku ano. Madoda amene anatopa ndi kutchedwa agogo anathamangira ta njere za maungu ndi okuta nkhope aja. A Zuze anasankha ta m'ma 1990, ndipo sabata yomweyo anasankhidwa kukhala Wapampando wa Achinyamata, udindo umene unkawapititsa kumisonkhano ya kuboma kumene kumakhala fanta ndi masikono. A Pindani anatenga akuluakulu a m'ma 1970 aja. Anali olemera, ndipo popeza mphuno yawo inali yaphwatalala, kamlatho ka felemu kankasowa pogwira. Magalasi ankangotsetsereka, iwo n'kumakankha ndi chala. Anthu anaona ngati ndi chizindikiro cha kuganiza mozama, ndipo ena anayamba kutengera.

Mlandu woyamba wa komiti unali wa magalasi a oyendetsa ndege, aja ooneka ngati dontho la misozi, a timilatho tiwiri pamphuno. A Layisoni anachitira umboni kuti anapangidwa m'ma 1930, kuti woyendetsa ndege akaweramira mawotchi ake dzuwa lisamulowe kumunsi kwa diso, koma anthu wamba anadzawakonda m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Choncho bambo wina wogulitsa kanyenya, amene anawagula, ankati ndi nkhalamba ikafika nthawi yodya, n'kukhala mnyamata ikafika nthawi yovina. Komiti inakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo inagamula kuti munthuyo anabadwa kawiri, choncho azisonkha kawiri pamaliro.

Khalidwe la anthu linasinthanso kutsata felemu. A nsidze analeka kuseka. A diso la mphaka analeka kuyankha moni woyamba, ankadikira wachiwiri. Ovala akuda bii ankalowa nawo m'tchalitchi n'kumapatsa moni mizati. A Layisoni anachenjeza ndithu kuti galasi lakuda lopanda mankhwala otchinga cheza cha dzuwa n'loipa kuposa kusavala, chifukwa mwana wa diso amatseguka poona mdima ndipo cheza chimalowa chambiri. Anthu anavomera kuti ndi mawu anzeru, n'kufunsa ngati alipo ena akuda kuposa pamenepo.

Yotamu anaona kuti mwayi wake wafika. Ulendo wotsatira wa a Layisoni anawadikirira kumphambano, asanafike pamsika.

"Adokotala, ndikufuna akale kuposa onse. Oti a Pindani akandiona aimirire."

A Layisoni anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachitini kadzimbiri. Munali obulungira, a waya wofiirira, timiyendo take topindika ngati mbedza kuti tizikoleka kuseri kwa khutu. Analibe timapilo tapamphuno. Kamlatho kake kankangokhala pamphuno ngati chishalo.

"Awa ndinawapeza m'belo la kaunjika, m'thumba la chikhoti. Koma ndikuuzeni ziwiri, achimwene. Choyamba, nkhope yobulungira imafuna felemu ya ngodya kuti iziiwongola. Yobulungira imakhala bwino pankhope ya chibwano chamakona. Inu mukavala awa mukhala ngati wilibala ya mateyala atatu."

"Chachiwiri?"

"Ndi owerengera, ndipo mwiniwake anali ndi maso otheratu. Mphamvu yake ndi yaikulu. Chapafupi muona, koma chakutali chikhala utsi."

"Zaka zake?"

"M'ma 1920."

"Kulungani."

Esinati atamuona madzulo ake anaika beseni la mandasi pansi kuti aseke bwino. Magalasi owerengera amakulitsa maso a wovala, ndiye Yotamu ankaphethira ngati kadzidzi wogwidwa masana.

"A Yotamu, mukuyang'ana ine kapena mtengo wa papaya?"

"Ndikuyang'ana tsogolo lathu, Nankhoma," anatero Yotamu pomutchula ndi mfunda wake.

"Tsogolo lathu lili kuno, kumanzere kwanu."

Zimene a Layisoni ananena zinachitika, ndipo zinamuthandiza. Popeza pansi pankaoneka ngati pakusuntha, Yotamu anayamba kuyenda pang'onopang'ono akufufuza ndi phazi. Atagwera m'ngalande anadula ndodo. Mutu unkamupweteka tsiku lonse chifukwa maso ankalimbana ndi galasi la munthu wina, choncho ankakhala chokwinya nkhope, osafuna zolankhula zambiri. Munthu akamupatsa moni ankayamba wafunsa kuti, "Ndiwe mwana wa yani?" pakuti sankamuonadi. Mwezi usanathe, ngakhale okayika anagonja. Felemu inati ndi nkhalamba, ndipo mayendedwe anachitira umboni.

Komiti inamupatsa udindo wa Nkhalamba Yaikulu ya Mudzi, Dambo Lozimira Moto ndi Mosungira Mawu Okoma Akagonera. Mpando wotsamira unkamutsatira kulikonse. Nthutumba anadya mpaka kuzikana. Amayi amene anamuona akukwawa ankamugwadira n'kumati, "Mwaswera bwanji, agogo?"

Atakhutira kuti wakula mokwanira, anatumanso nkhoswe kwa a Pindani. Ulendo uno a Pindani sanaseke. Anavala jekete, n'kubwera okha kunyumba kwa Yotamu, n'kukhala pansi padothi.

"Agogo, uthenga wanu ndaumva, ndipo ndachita mantha. Mwana uja ndi mdzukulutuvi wanu. Anthu adzati chiyani? Inu ndi woti muzitilangiza, osati kumapikisana ndi anyamata."

"Koma paja munati ndiyambe ndakula."

"Mwapitirira, agogo." A Pindani anakankha magalasi awo ndi chala. "Komabe nkhani yabwino ilipo. Mwanayu wapeza mnyamata wamsinkhu wake, Wapampando wa Achinyamata, a Zuze. Chinkhoswe chili Loweruka likubwerali. Ndipo mwa lamulo la komiti, wodalitsa banja ndi Nkhalamba Yaikulu. Tikudalira inu."

Yotamu anafuna kuvula magalasi aja kuti awaponye kudzala. Koma akanavula, akanakhala munthu wosabadwa, wopanda mawu pamsonkhano. Akanagula ena achinyamata, komiti inali itakhazikitsa kale lamulo, pa pempho la a Zuze, loti munthu sabadwanso kachiwiri kupatula wakanyenya uja. Anapita kwa Esinati akugogoda ndodo, n'kufotokozera nkhokwe nkhani yonse mpaka Esinatiyo anamutembenuza.

"Ndamva kale," anatero Esinati. "Akuti ndikwatiwe ndi munthu amene anavina paukwati wa agogo anga."

"Tithawe, Nankhoma."

"Muthawa bwanji inu, woti ngalande imakugwetsani? Tadikirani. Ine pamsonkhano sindinalankhulepo chifukwa akuti sindinabadwe. Ndibadwa Loweruka."

Loweruka anthu anasonkhana pabwalo la a Pindani. Tambala ndi msoti zinali zitamangidwa miyendo, thobwa lili m'ndowa zimene anakhoma Yotamu yemwe. A Zuze anafika atavala jinzi yothina ndi kapusi yotembenuza, timagalasi tawo tili pamphuno ngati nsikidzi ziwiri, akuyenda modumphira ngakhale bondo linkalira. Anthu anamukhazika Yotamu kutsogolo pampando wotsamira.

Atsikana awiri ofunditsidwa chitenje anatulutsidwa kaye monga mwa mwambo, a Zuze n'kuwakana mwamanyado. Wachitatu anadzivundukula yekha. Anali Esinati, ndipo pankhope pake panali magalasi a dzuwa a diso la mphaka, obiriwira, ngodya zake zitaloza kumwamba ngati nyanga za mbuzi yaukali, timiyala tonyezimira tili m'makona. Anawapeza m'sutikesi ya malemu azakhali a mayi ake, aja anakwatiwa ku Halale.

Sanagwade. Anayenda mpaka pamene panakhala a Pindani.

"Iwe Pindani, tandipatsa mpandowo. Miyendo yanga si ya dzana."

A Pindani anatsegula pakamwa, koma mlembi wa komiti anawanong'oneza kuti diso la mphaka ndi la m'ma 1950, pamene awo ndi a m'ma 1970. Mwa lamulo, mayiwa akanatha kuwabereka. A Pindani anaimirira n'kupukuta mpando ndi chipewa.

Esinati anakhala, n'kupenda mutu kuyang'ana a Zuze.

"Kamnyamata aka nkayani? Kakufuna ndikapatse ndasi?"

"Ndine mkwati," anatero a Zuze.

"Mkwati wa yani? Ine wa nthawi ya chitaganya ndikwatiwe ndi mwana wa matipate? Ndiziti ndikamuphikira phala ndizimuuziranso? Pamudzi pano mwamuna wondiposa msinkhu ndi mmodzi yekha, ndi uyo akuyang'ana mbuziyo poganiza kuti ndine. Ndipo nkhalamba ziwiri zikafuna kusamalana, sizipempha chilolezo kwa ana."

Amayi ena anayamba nthungululu, koma a Zuze anakweza dzanja. Munthu sakhala wapampando wa makomiti onsewo popanda kusunga kena m'thumba.

"Dongosolo, abale. Ine ndimayenda kuboma. Kumeneko ndaona ana asukulu atavala obulungira omwewa, atsikana a m'mabanki atavala diso la mphaka. Ndafunsa, ndipo andiuza kuti mafelemu amazungulira ngati chaka: akale amabweranso n'kukhala atsopano. Ndiye tidziwa bwanji kuti awiriwa sanavale zopangidwa dzulo? Mwina Nkhalamba Yaikulu yathuyi ndi khanda. Ndikupempha kuti a Dokotala apime."

A Layisoni, amene anabwerera thobwa, anawakokera pakati. Anayesa kukana kuti zida anasiya kunyumba, koma anthu anaumirira.

"Chabwino," anatero. "N'zoona, masitayilo amabwerera. Koma chakale chenicheni chili ndi zizindikiro. Kale maso a magalasi ankapanga ndi galasi lenileni. Ndi lolemera, limazizira ukaligunditsa patsaya, ndipo ukaligogoda padzino limalira kuti ngwe. Amasiku ano ambiri ndi pulasitiki: ngopepuka, ndipo padzino amangoti phu."

"Ndipima ndekha," anatero a Zuze, n'kutsomphola magalasi a Yotamu. Anawafikitsa pakamwa, kenaka anaima. Wapampando wa Achinyamata analibe dzino lakutsogolo ngakhale limodzi. Anayesa kufufuza lakumbuyo, koma felemu sinafike. Anawapereka kwa mlembi.

Mlembi anagogoda. Ngwe.

Anagogodanso magalasi a Esinati. Ngwe.

A Layisoni anaonjeza kuti timiyendo tokoleka kukhutu ndi kamlatho kopanda timapilo ndi zakale ndithu. Anaonetsanso pamagalasi a Esinati timisomali tiwiri toonekera kutsogolo pakona, timene tinkagwira hinji, ndi waya woonekera m'kati mwa mwendo wa felemu. Anati imeneyo ndi ntchito yamanja ya nthawi imeneyo.

Yotamu, amene kwa nthawi yoyamba m'miyezi ingapo ankaona dziko bwinobwino poti magalasi anali m'manja mwa mlembi, anayang'ana Esinati, n'kuyang'ana a Zuze, n'kuvalanso msanga kuti akhale ndi mawu.

"Monga Nkhalamba Yaikulu yotsimikizika," anatero, "ndikuona kuti mwana Zuze wabweretsa nzeru yabwino. Kupima kusakhale kwa awiri okha. Apimidwe onse."

Mlembi anayamba ndi ake omwe. Phu. A Pindani: phu. Wakanyenya wobadwa kawiri: phu. Anyamata a nsidze: phu, phu, phu, ngati matumba a ufa akugwa m'ngolo. A Zuze anatsutsa kuti pofika m'ma 1990 pulasitiki inali itafala kale, ndipo ananena zoona. Koma Esinati anatenga timagalasi tawo n'kutitembenuza padzuwa. M'mbali mwa felemu munali kamzere kosonyeza pamene chikombole cha fakitale chinakumana, utoto wapamphuno unali usanasupuke, ndipo pakona ya galasi panali pakadali ulimbo wa kapepala ka m'sitolo.

"Adokotala," anatero Esinati, "awa mwawatenga m'belo liti?"

A Layisoni anayang'ana njira yotulukira, koma inali itatsekedwa ndi amayi a diso la mphaka.

"Kunena zoona, mayi, ine ndinati felemu iliyonse ili ndi nthawi yake. Sindinati inapangidwa nthawi imeneyo. Enawa ndimapikula m'tauni pakatoni. Anafika chaka chatha."

Mlembi anafunsa ngati lamulo likunena za sitayilo kapena za chaka chopangidwa. Anthu onse anayang'ana kwa Nkhalamba Yaikulu, pakuti ndiyo inkamasulira malamulo.

"Wapampando ananena yekha kuti wovala zopangidwa dzulo ndi khanda," anatero Yotamu. "Ine ndingatsutse bwanji komiti?"

Motero zinadziwika kuti mudzi wonse, kuyambira wapampando mpaka woimba belu, unali wa ana a chaka chimodzi, ndipo akuluakulu analipo awiri okha. Mwana wa chaka chimodzi sakwatira, saletsa ukwati, ndipo sadya nthutumba kuopa kutsamwa. Yotamu anadzifunsira mbeta kwa Esinati, Esinati anadzifunsa yekha monga mkulu wa kuchikazi n'kupeza kuti palibe chovuta, ndipo Nkhalamba Yaikulu inadalitsa banjalo monga mwa lamulo. Tambala ndi msoti zimene anagula a Zuze zinagwira ntchito yake, ndipo anawo anapatsidwa msuzi.

Zitatha izi, a Zuze anaimirira pakati pa bwalo, anavula kapusi, mutu wa mbuu uli poyera. Anati lamulo lija analipanga pofuna zawo, anapepesa kwa Esinati ndi kwa mudzi wonse, ndipo anatula pansi maudindo awo onse kuti ena ayeseko. Anthu anabwerera kwawo maso ali pamtunda, akupatsana moni mozindikirana.

Yotamu ndi Esinati alipo mpaka lero, ndipo ndowa za Yotamu zayambanso kukhala zosadontha chivulireni magalasi aja. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa. Kungoti paja pa kupepesa ndi kutula maudindo ndangoikapo ndekha kuti nkhani ikome. A Zuze anakhazikitsa Komiti Yoona za Ana Osakwana Zaka Zisanu Lolemba lake, ndipo kuboma akupitabe.